Bokosi linalipo, koma munalibe chothandiza

Minibasi ina inanyamula amayi a kwaya m'midzi ya kufupi ndi Kapichira, ulendo wa ku Boma la Chikwawa. Unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, nthawi imene kuchigwa kuno kutentha kumapyola madigiri 40. Asanapite patali anapeza njinga yamoto ya kabaza itagwa m'mbali mwa msewu, mbuzi itaidutsira kutsogolo. Mnyamata woyendetsa anali atakhala pansi atagwira mwendo. Chitsulo chinali chitamung'amba pakatumba, ndipo magazi ankayenderera mpaka m'nsapato.

Dalaivala anaima. Anali munthu wachifundo, ndipo bokosi la chithandizo choyamba anali nalo. Analigula minibasi itangofika m'manja mwake, n'kulilowetsa kuseri kwa mpando wakutsogolo, pamwamba penipeni pa injini. Kuyambira tsiku limenelo anali asanalionenso m'kati.

"Achimwene, musaope, zipangizo tili nazo," anatero uku akukodola kondakitala.

Kondakitala anatulutsa magolovesi. Anali atamatana, ndipo pofuna kulowetsa dzanja anang'ambikira pachala chachikulu. Peya yachiwiri inachitanso chimodzimodzi. Pulasitala anamatuka bwinobwino koma anakana kugwira pakhungu, chifukwa ulimbo wake unali utasungunuka n'kuuma. Botolo la sipiliti linali lotseka koma lopanda kanthu. Bandeji wamkulu panalibe: apa m'pamene kondakitala anakumbuka kuti tsiku lina anamangira paipi ya madzi itadontha pokwera mapiri a ku Thabwa. Panatsala timapaketi tiwiri ta gozi, pepala lake litachita mawanga ofiirira.

Mayi wina anamasula chitenje. Bambo wina wodutsa anabwera ndi mphira wa njinga n'kumanga pamwamba pa bondo. Mayi winanso ankati akatukula nsalu kuti aone ngati magazi asiya, magaziwo n'kuyambiranso. Mmene ankafika kuchipatala cha Chikwawa, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Kapichira, mnyamata uja anali atafooka, milomo itayera, akulephera kukhala tsonga. Moyo anapulumuka, koma bala lofunika kungosoka linamugoneka m'chipatala, ndipo njinga imene inkadyetsa banja lake inaima masabata ambiri.

Palibe amene anachita zankhanza pamenepa. Onse ankafuna kuthandiza. Koma taonani zimene zikanachitika bokosi likanakhala lamoyo. Munthu mmodzi akanavala magolovesi, n'kuunjika gozi pabala, n'kudinikiza mwamphamvu ndi chikhatho kwa mphindi 10 osatukula ngakhale pang'ono. Magazi akamagwirana amayamba ndi kachigamba kofewa, ndipo kusuzumira kulikonse kumakachotsa. Gozi akanyowa sachotsedwa. Umasanjika wina pamwamba n'kupitiriza kudinikiza. Kenako umakulunga bandeji molimba, n'kuona ngati zala zakuphazi zikadali zofunda. Mphira uja unaonjezera vuto. Chomangira chowonda ndi cholobodoka chimatseka mitsempha yobweza magazi koma osatseka yobweretsa, choncho bala limatuluka magazi ochuluka kuposa poyamba. Kumanga mwendo kuti magazi aimiretu ndi luso lophunzitsidwa, ndipo bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa chithandizo choyamba kwa amene akufuna.

Tsono m'bokosi la m'minibasi muzikhala chiyani? Popeza ngozi ya pamsewu siivulaza munthu mmodzi, yambani ndi magolovesi mapeya 6, chifukwa magazi a munthu wina sagwiridwa ndi manja okhaokha ndipo wovulala aliyense amafuna peya yake. Gozi wotsekedwa m'mapaketi, wa masentimita 10 mbali zonse, akhale mapaketi 10. Mwina mukuona ngati zachuluka, koma bala limodzi ngati la mnyamata uja limatha mapaketi anayi kapena asanu musanafike kuchipatala. Mabandeji otamuka akhale atatu, ndi nsalu ziwiri za makona atatu zokolekera mkono kapena kumangira thabwa pafupa lothyoka. Nsalu zimenezi simufunika kugula. Dulani chitenje choyera cha mita imodzi mbali zonse, kuchokera pakona kukafika pakona, muchape, musite, muike m'jumbo. Onjezani mpukutu umodzi wa pulasitala, timapulasitala ta zilonda zazing'ono 20, sizasi, mapini 6, sopo, tochi, ndi madzi oyera malita awiri m'botolo lotseka bwino. Madzi amenewa si a injini, ndipo kondakitala auzidwe zimenezi momveka.

Sipiliti ine sindimuwerengera. Amawawa, amapweteka mnofu wa m'kati mwa bala, ndipo m'nyengo yathu ino amauluka. Bala la fumbi limatsukidwa ndi madzi oyera ambiri, khungu lozungulira ndi sopo. Thonje nalo lisaikidwe pabala penipeni, chifukwa ulusi wake umakanirira m'mnofu. Mapiritsi ogawira apaulendo ndi bwino kuwasiya, popeza dalaivala sadziwa matenda a munthu aliyense amene wakwera.

Bokosi lapakhomo limasiyana pang'ono. Zomangira mabala zikhoza kukhala theka la zimenezi, koma pakhale mapaketi 6 a Thanzi, zinki, panado ndi choyezera kutentha kwa thupi. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Munthu wotsegula m'mimba amatha madzi m'thupi m'maola ochepa, ndipo paketi imodzi ya Thanzi, yosungunula mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, imamusunga ali panjira yopita kuchipatala. Musachepetse madzi poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Zotsala zikatha maola 24 zitayidwe. Zinki ndi wa mwana wotsegula m'mimba, tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14: mamiligalamu 20, kapena 10 ngati mwana sanakwane miyezi 6. Panado wa mamiligalamu 500 munthu wamkulu amamwa awiri, osapitirira kanayi patsiku. Koma panado amangotsitsa kutentha, sapha malungo. Mwana akatentha thupi kuno kuchigwa, akayezedwe tsiku lomwelo. Mankhwala otsala a malungo ndi makapisozi amene wina sanamalize asalowe m'bokosi muno.

Tsopano tifike pamene dalaivala uja anagwera, chifukwa kugula n'kosavuta. Pamankhwala ambiri pamalembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 25 kapena 30. Tsiku lothera ntchito limene kampani inalemba limadalira kuti lamulo limenelo latsatidwa. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, m'nyumba ya malata kapena m'galimoto yoima padzuwa pa Dyeratu, lamulo limenelo limasweka tsiku ndi tsiku. Choncho chinthu chikhoza kufa tsiku lake lisanakwane. Mphira wa magolovesi umafumbwa, ulimbo wa pulasitala umatha, bandeji wotamuka amasiya kubwerera. Malo oipitsitsa m'minibasi ndi pamwamba pa injini ndi kuseri kwa galasi lakutsogolo. Ikani bokosi pansi pa mpando wapakati kapena wakumbuyo, pamthunzi, pamene mungalifikire popanda kutsitsa matumba a chimanga.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaswa damu la pa Kapichira, dziko n'kutaya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130, ndipo msewu waukulu wa kuchigwa unaduka. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Masiku amenewo, mabanja ambiri chipatala chawo chinali chimene anali nacho m'nyumba. Katoni yoikidwa pansi pa bedi singapulumuke. Chidebe chapulasitiki cha chivindikiro cholimba, chopachika pamwamba pamene ana safika, zinthu zake zitagawidwa m'majumbo omanga, chimapulumuka. Gozi amene pepala lake linanyowapo n'kuuma sakhalanso woyera, ngakhale tsiku lake likadali kutali.

N'chifukwa chake kuyendera bokosi kuzichitika mwezi uliwonse, ndi maso ndi manja. Sankhani tsiku losaiwalika: loyamba la mwezi, kapena lothira oilo. Khuthulani zonse pansalu yoyera. Pachivindikiro m'kati pakhale pepala lolemba dzina la chinthu, chiwerengero chake ndi tsiku lothera ntchito, kuti muwerenge ndi kuona chimene chasowa. Powerenga masiku samalani, chifukwa pamakhala awiri. MFG ndi tsiku limene chinthu chinapangidwa, EXP ndilo lothera ntchito. Pakalembedwa EXP 06/2027, chimagwira mpaka kumapeto kwa Juni 2027. Chimene chatsala ndi miyezi itatu chiikeni pamwamba ndipo mugule china. Pogula musalandire chimene chatsala ndi miyezi yochepa.

Mukatha masiku, gwirani. Tengani golovesi imodzi, muikoke, muiuzire mpweya: ikamata zala kapena kuphulika, gulu lonselo latha. Dulani kachidutswa ka pulasitala mukamate pamkono, muone ngati kakugwira. Yang'anitsitsani paketi ya gozi. Ngati yabooka, ichotsedwe. Gwedezani paketi ya Thanzi pafupi ndi khutu. Ufa wabwino umamveka ukuyenda ngati mchenga wouma, koma ukaumbika chibulumwa ndiye kuti chinyontho chalowa. Piritsi losintha mtundu, lofumbutuka kapena lotuluka m'chikutiro chake lichotsedwe. Yatsani tochi, sinthani madzi. Zimene mwachotsa musazitaye kudzala kumene ana amasewera; funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kumalo ogulitsa mankhwala momwe mungazitayire. Ntchito yonseyi siitenga mphindi 15.

Chinthu chimodzi chisadikire kutha kwa mwezi. Chilichonse chimene mwatenga, ngakhale kapulasitala kamodzi, chibwezedwe sabata yomweyo. Mabokosi ambiri amatha chonchi, pang'onopang'ono, aliyense akuti ndangotengako kamodzi. Eni minibasi, ndalama ya zimenezi musaisiyire dalaivala kuti achotse pa yamafuta, chifukwa sadzachotsa. Ipatuleni nokha, ndipo polandira makiyi kumapeto kwa mwezi muzipempha kuona bokosi lili lotsekula. Inunso apaulendo muli ndi pakamwa: musanakwere ulendo wautali, funsani kuti, "Adalaivala, bokosi lija munalitsekula liti?"