Mawu ogulitsira pa foni: nthabwala, chitsimikizo kapena chikondi cha kumudzi?

Mabanja ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi masiku ano akugulitsira pa foni zokolola zawo: mtedza, soya, kachewere, uchi ndi nkhuku. Njira yofala ndi yoika zithunzi zingapo zotsatizana, chilichonse chili ndi mawu ake, wogula n'kumaziona chimodzichimodzi posuntha chala. Pa Facebook ndi Instagram amaitcha Carousel, ndipo Status ya WhatsApp, imene imatha pakapita maola 24, imayenda chimodzimodzi. Kujambula ambiri akukutha, koma mawu ndi amene akuwaphonyetsa makasitomala. Amaseketsa munthu amene akufuna chitsimikizo, kapena kulankhula ngati kalata ya ku ofesi kwa munthu amene akungofuna mtedza wokazinga.

Funso loyamba musanalembe

Dzifunseni kuti wogulayu akuopa kutaya chiyani. Amene akutulutsa ndalama zambiri amaopa kupusitsidwa, choncho amafuna mawu otsimikiza. Amene akugulira ana ake amaopa kuwadyetsa chinthu chosadziwika kochokera, choncho amafuna kumva kuti pali munthu weniweni woti amudalire. Amene akugula kanthu kotsika mtengo alibe mantha, ndipo ameneyo ndiye mungaseke naye.

Tiyerekeze banja la ku Malomo limene lakolola mtedza. Mtedza wake ndi umodzi, koma ogula alipo mitundu itatu, ndipo aliyense afunika zithunzi zakezake. Zisanu ndi zokwanira, chifukwa m'mapiri muno netiweki imavuta, ndipo munthu satha bandulo yake podikira chithunzi chakhumi. Pa chithunzi chilichonse mawu asapitirire mizere iwiri.

Kwa wopikula: mawu otsimikiza

Munthu wopanga chiponde ku Lilongwe amafuna mtundu, kuchuluka, kuuma ndi kumene katundu ali. Chithunzi choyamba chionetse thumba lotsegula, mawu ake akhale: "Mtedza wa CG7 wa chaka chino, matumba 12 a makilogalamu 50." Chachiwiri chionetse mtedza pachikhatho, pafupi kwambiri: "Wosankha ndi manja. Wofota ndi wachuku tachotsa." Chachitatu: "Tinaumitsa ndi makoko, ndipo sitinanyowetse posenda." Chachinayi chikhale thumba lili pasikelo, manambala akuoneka. Chachisanu chinene mtengo wa kilogalamu, malo okumanirana monga pa Mponela, ndi njira yolipirira, kaya Airtel Money kaya Mpamba.

Onani kuti palibe pamene talemba kuti "mtedza wapamwamba zedi". Mawu otero aliyense amalemba, ndiye sanena kanthu. Chiganizo chachitatu chija ndi chimene chimagulitsa, chifukwa wopanga chiponde amadziwa kuti kuwaza madzi pa makoko kuti afewe ndi kumene kumabweretsa chuku. Akaona kuti nanunso mukudziwa, amakukhulupirirani. Koma lembani zokhazo zimene munachitadi. Ngati katundu wanu sanayezedwe ndi Malawi Bureau of Standards, musatchule dzina lawo, ndipo musasakanize Chalimbana mu CG7 n'kunena kuti ndi mtundu umodzi. Wopikula amazindikira ndi maso, pakuti CG7 ndi wofiira pomwe Chalimbana ndi wamkulu ndi wotuwirako. Muno nthabwala zisalowemo. Munthu woti atumize ndalama ya matumba 12 akaona tinkhope toseka amayamba kukayika.

Kwa mayi wa m'tauni: mawu a kumudzi

Nsinjiro zimagulidwa ndi amayi, ndipo ambiri a iwo ku Area 25 kapena ku Lumbadzi kwawo ndi konkuno. Kwa iwo yambani ndi munthu, osati thumba. Chithunzi choyamba chikhale manja akupeta mtedza m'lichero: "Mayi, nsinjiro za kwathu ku Malomo zafika." Chachiwiri chionetse mtondo kapena chigayo: "Tasinja dzulo, fungo lake likadalipo." Chachitatu, mbale ya nkhwani wotendera: "Zothira m'ndiwo komanso m'phala la mwana." Chachinayi chionetse mapaketi ndi kulemera kwake, ndipo chachisanu chinene mtengo ndi tsiku lofika m'tauni.

Chikondi cha m'mawu amenewa chikuchokera pa tinthu tenitweni: dzina la mudzi, tsiku losinja, ndiwo imene munthu anakulira. Chimaonongeka mukayamba kudandaula. Kulemba kuti "tithandizeni, ana athamangitsidwa fizi" kungagulitse kamodzi chifukwa cha chisoni, koma wogula sabweranso, pakuti wachita ngati wapereka chithandizo. Ulemu usasowe: nenani "inu", "mayi", "bambo". Mawu akuti "iwe" kwa munthu wamkulu amatseka msika nthawi yomweyo.

Kwa achinyamata: nthabwala

Mwana wa m'banjamo akamagulitsa wokazinga kwa akabaza ndi anzake a pa Mponela, apo kuseka n'kololedwa. Nthabwala m'zithunzi zotsatizana imakoma mukaigawa pawiri: choyamba chitchere, chachiwiri chikole. Choyamba chionetse paketi yodzaza: "Aise, ndingolawako kamodzi kokha." Chachiwiri chionetse paketi yomweyo ilibe kanthu: "Patangotha mphindi ziwiri." Chachitatu chisiye masewera, chinene mtengo ndi pamene mwakhala. Nthabwala imodzi yakwana. Mukapitiriza mpaka kumapeto, anthu aseka n'kuiwala kufunsa mtengo.

Sekani za mtedzawo kapena za dyera limene tonse tili nalo. Musaseke mtundu wa anthu, chipembedzo, chilema, kapena anzathu a ku Dzaleka, amene enanso ndi makasitomala anu. Gule Wamkulu asakhale choseketsa malonda, pakuti kuno anthu amamulemekeza.

Mawu afanane ndi mwini wake

Wogula amakudziwani, ndipo kumudzi kulibe chinsinsi. Nthabwala yodziwika ija yoti mtedza wauwisi umawonjezera mphamvu za abambo imayenda msanga pa foni. Koma ngati mayi wa pakhomopo ndi wa Chigwirizano ndipo nsinjiro zimagulidwa ndi amayi a kumpingo, nthabwala imeneyo ikaoneka pa nambala yomweyo idzagwetsa dzina limene banja lamanga kwa zaka. Ngati foni ndi imodzi, sankhani mawu amene makasitomala onse angawerenge osachita manyazi, kapena gwiritsani ntchito gawo la Status limene limakulolani kusankha anthu oti aone. Musanatumize, werengani mawuwo mokweza pamaso pa wina wa m'banja. Akati "inu simulankhula chonchi", lembaninso.

Mudziwa bwanji kuti mwaphonya?

Pa Status, chithunzi chilichonse chimaonetsa chiwerengero cha amene achiona. Ngati 60 aona choyamba koma chachitatu angofika 15, mawu oyamba analonjeza zimene otsatira sanapereke, kapena munatalikitsa. Ngati akutumiza tinkhope toseka koma palibe wofunsa mtengo, nthabwala yaphimba malonda. Ngati opikula akufunsabe kuti "ndi mtundu wanji, alipo angati?", munachulutsa zokometsera n'kusiya mfundo. Ngati amayi akungoona osayankha, mwina mawu anu auma ngati chikalata cha pa ofesi. Sinthani chinthu chimodzi chokha sabata yotsatira, makamaka mawu a chithunzi choyamba, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Musanajambule thumba lotsatira, lembani papepala dzina la kasitomala mmodzi amene mukumufuna, ndipo mawu onse asanu muwalembe ngati mukulankhula naye pakhonde panu.