Natural kapena Vivid: sankhani musanayambe kukonza chithunzi

Mnansi wanga wina amagulitsa zitenje pa WhatsApp. Tsiku lina anabwera atanyamula chitenje chofiira chokhala ndi maluwa achikasu, akudandaula kuti kasitomala wachikana atangoona chithunzi, ati chikuoneka chosuluka ngati chachapidwa kakhumi. Pa foni ya mayiyu chithunzicho chinkaoneka bwinobwino. Nditachitsegula pa foni yanga, chinalidi chofwifwa. Kamera inalibe vuto. Chinamusokeretsa chinali sikirini yake.

Mafoni ambiri a masiku ano amakulolani kusankha mmene sikirini ionetsere mitundu. Pa Samsung, lowani mu Settings, kenako Display, kenako Screen mode, ndipo mupeza mawu awiri: Vivid ndi Natural. Pa Google Pixel zili mu Display, pa Colors, ndipo pamalembedwa Natural ndi Adaptive. Pa Redmi yang'anani Color scheme. Mukafufuza n'kusowa, musadandaule: mafoni ambiri otsika mtengo alibe chisankhochi, ndipo iPhone nayonso ilibe. Kusintha sikufuna ndalama kapena bandulo, ndipo mphindi imodzi yokha ikukwanirani.

Natural imayesetsa kuonetsa mitundu monga momwe inasungidwira m'chithunzi. Imatsatira muyezo wotchedwa sRGB, umene makampani a HP ndi Microsoft anakonza mu 1996, ndipo zithunzi zambiri zimene timatumizirana zimayendera muyezo womwewu. Vivid imatenga mitundu yomweyo n'kuikokera mpaka pamene sikiriniyo ingafike. Chofiira chimafiira psuu, udzu umabiriwira ngati wa m'dambo mwezi wa Febuluwale, ndipo choyera nthawi zambiri chimapendekera ku buluu pang'ono.

Gwirani mfundo iyi, chifukwa ambiri amaphonya apa: zonsezi zimachitikira pa sikirini yanu yokha. Chithunzi chenichenicho sichisintha. Mukachitumiza, Vivid ija imatsala m'foni mwanu, sitsagana nacho. Ngakhale mutajambula sikirini n'kutumiza, mnzanuyo adzaona mitundu monga momwe foni yake ionetsera. Zili ngati kulawa ndiwo ndi supuni yomwe ili kale ndi mchere: inu mumva kuti wakolera, koma m'poto mulibe.

Izi ndi zomwe zinamuchitikira mayi uja. Foni yake inali pa Vivid. Atajambula chitenje, kufiira kwake kunaoneka kopitirira, moti maluwa ang'onoang'ono ankamira m'kufiirako. Iye, pofuna kuchita chilungamo kwa kasitomala, analowa pokonzera zithunzi n'kutsitsa Saturation, komwe ndi kukolera kwa mitundu, mpaka chithunzi chinafanana ndi nsalu ili m'manja. Kwa iye zinatheka. Koma anali atachotsa mtundu weniweni m'chithunzi pofuna kuthetsa mtundu womwe sikirini yokha inkawonjezera. Kasitomala, pa foni yosakokomeza mitundu, analandira chitenje chosuluka.

Tinakonza motere, ndipo inunso mutha kutsata njira yomweyi. Choyamba tinaika foni pa Natural. Kenako tinazimitsa Eye comfort shield, chija chimachititsa sikirini kuoneka yachikasu kuti maso asatope usiku. Pa mafoni ena chimatchedwa Night Light kapena Reading mode, ndipo pa iPhone ndi Night Shift, komanso muzimitse True Tone. Mukachisiya choyaka, mudzaona ngati chithunzi chachita chikasu, n'kuyamba kuchithira buluu chilibe mlandu. Tinazimitsanso Adaptive brightness n'kuika kuwala chapakati, kuti sikirini isamasinthe yokha tili pa ntchito.

Titatero tinakhala pakhonde, pamthunzi, nthawi ya masana. Osakonza zithunzi padzuwa, chifukwa zonse zimaoneka zofwifwa ndipo mafoni ena amasintha okha maonekedwe kuti muthe kuwerenga. Osakonzanso usiku pa babu lachikasu kapena pa kandulo, chifukwa nsalu imene mukuyerekeza nayo imasintha mtundu. Tinayala chitenje, n'kuika pepala loyera pambali pake, n'kujambulanso. Pepala ndiye mboni. Likaoneka loyera mbee m'chithunzi, dziwani kuti mitundu ina ili pafupi ndi choonadi. Likachita buluu kapena chikasu, yambani mwakonza Temperature (mafoni ena amalemba Warmth), musanakhudze china chilichonse, ndipo mukamaliza mulidule pepalalo m'chithunzi. Titaika foni pambali pa nsalu, tinaona kuti Saturation sinkafunika kukhudzidwa n'komwe. Ntchito yonse inatenga mphindi zosakwana 15.

Ndikuchenjezeni pasadakhale. Mukangochoka pa Vivid kupita pa Natural, mtima udzakuuzani kuti foni yawonongeka. Zonse zidzaoneka zozilala, mwinanso zachikasu pang'ono. Maso anazolowera chabe, monga lilime lozolowera masupuni atatu a shuga limamvera tiyi wa supuni imodzi. Musathamangire kukweza Saturation nthawi yomweyo, chifukwa mudzalakwitsa mbali inayo: mnzanu wa Vivid adzalandira chithunzi chothobwa m'maso. Ikani foni pansi kwa mphindi zingapo, yang'anani panja, kenako bwererani. Ngati mumakonza zithunzi kawirikawiri, isiyeni pa Natural masiku awiri kapena atatu, maso adzakhazikika.

Pa zithunzi za anthu, khungu ndilo limaulula. Pa Vivid khungu lathu limapendekera ku kufiira, ndipo amene akukonza chithunzi cha ukwati kapena chinkhoswe amayamba kuchotsa kufiirako. Chikasindikizidwa, mkwatibwi amatuluka wotuwa ngati wodwala. Zimandipweteka kuona chithunzi chotere chitapachikidwa pabalaza, chifukwa tsikulo silibwereranso. Kumbukiraninso kuti pepala siliwala lokha ngati sikirini, choncho chithunzi chosindikiza chimaoneka chakuda pang'ono kuposa pa foni. Musanapereke zithunzi 50 ku situdiyo, sindikizani chimodzi chokhala ndi nkhope ndi chovala choyera, muchione panja masana. Kuli bwino kulipira chimodzi kawiri kusiyana n'kutaya mtengo wa zonse.

Palinso kukokomeza kwina komwe Natural singakuchotse. Kamera yokha imatha kuwonjezera mitundu pojambula, kudzera m'mafiyuta kapena mu Scene optimiser ya Samsung, ndipo zimenezi zimalowa m'chithunzi momwemo. Ngati muli pa Natural koma tomato akuonekabe wofiira kuposa amene ali m'lichero, lowani m'kamera muzimitse zimenezo, mujambulenso.

Sindikunena kuti Vivid ndi yoipa. Poonera mpira, makanema a nyimbo kapena zithunzi za ana pongosangalala, imakoma, ndipo palibe amene akupwetekedwa. Batire nalonso lisakudetseni nkhawa, chimene chimalidya kwambiri ndi kuwala kwa sikirini, osati chisankho ichi. Koma pomwe chithunzi chikupita kwa munthu wina kuti asankhe kanthu, kaya kasitomala wa nsalu, telala amene akufuna ulusi wofanana, kapena mlangizi wa zaulimi amene mukumuonetsa masamba a chimanga achikasu, bwererani ku Natural musanachiweruze.

Foni ya wolandirayo simungailamulire. Mwina iye ali pa Vivid, mwina sikirini yake ndi yakale. N'chifukwa chake muyenera kuima pakati: chithunzi chokonzedwa pa Natural chimangowala pang'ono kwa wa Vivid, ndipo sichifwifwa kwa enawo. Musanatumize kwa kasitomala, chitumizeni kaye ku foni ina ya pakhomo pomwepo, makamaka ya mtundu wosiyana ndi yanu, muziike pamodzi pambali pa nsaluyo. Mayi uja tsopano amayamba watumiza ku foni ya mwana wake, ndipo pansi pa chithunzi amalemba mtundu wake m'mawu, monga "chofiira chakuda pang'ono, maluwa achikasu".