Phunziro la Banja: Mapasiwedi a Pakhomo Asungidwe Bwanji?

Banja la m'tauni masiku ano limakhala ndi maakaunti ambiri: imelo ya bambo, imelo ya mayi, Facebook, WhatsApp, banki ya pafoni, tsamba la sukulu ya ana ndi ena otero. Pafupifupi akaunti iliyonse imafuna pasiwedi. Pali njira zitatu zimene mabanja amatsata: kugwiritsa ntchito pasiwedi imodzi yosavuta kukumbukira paliponse, kulemba mapasiwedi m'kope, kapena kuwasunga mu pulogalamu yosungira mapasiwedi. Njira iliyonse iyesedwe ndi mafunso awiri. Kodi imatchinga wakuba? Nanga mwini wake akadwala, akamwalira kapena foni ikabedwa, a m'banja angathe kulowa?

1. Pasiwedi imodzi paliponse

Njira iyi ndi yofala chifukwa sivutitsa mutu. Vuto lake silichokera pakhomo koma kutali. Kampani ikathyoledwa ndi mbava za pa intaneti, mndandanda wa maimelo ndi mapasiwedi a anthu ake umagulitsidwa. Ogulawo amaika mndandandawo m'makina amene amayesa imelo ndi pasiwedi yomweyo pa masamba ena ambiri.

Izi zinaoneka poyera ndi LinkedIn. Tsambali linathyoledwa mu 2012, ndipo mu 2016 maimelo ndi mapasiwedi a anthu oposa 100 miliyoni anapezeka akugulitsidwa. Chaka chomwecho, anthu ena analowa mu akaunti za Twitter ndi Pinterest za Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, ndipo iwo ananena kuti pasiwedi yake anaipeza pa mndandanda wa LinkedIn. Pasiwedi yobedwa zaka zinayi m'mbuyomo inali ikutsegulabe makomo ena.

Kuonjezera chaka kapena nambala kumapeto kwa dzina la mwana sikuthandiza kwenikweni, chifukwa makinawo amayesanso zosintha zazing'ono zoterezi. Munthu angadziwe ngati imelo yake inatulukapo pa kubedwa kwa mtunduwu polemba imeloyo pa tsamba la haveibeenpwned.com. Ikapezeka, pasiwedi ya pa tsamba lobedwalo isinthidwe paliponse pamene inagwiritsidwa ntchito.

2. Kope la mapasiwedi

Ambiri anamva kuti pasiwedi salemba. Langizoli ndi loona ku ofesi, kumene kapepala komatidwa pa kompyuta kamawerengedwa ndi aliyense wodutsa. Pakhomo nkhani ndi ina. Mbava yokhala kutsidya kwa nyanja siingatsegule kope lotsekeredwa m'sutikesi. Kope silifuna magetsi kapena bando ya intaneti, ndipo agogo amene foni zamakono zimawavuta amatha kuligwiritsa ntchito.

Adani a kope ndi anthu olowa m'nyumba, moto, madzi ndi kuiwala. Kuiwala ndiye kumachitika kawirikawiri: bambo asintha pasiwedi ali kuntchito, kope osalikonza, ndipo tsiku lofunika zolembedwazo sizitsegula. Nchifukwa chake pa mzere uliwonse palembedwe dzina la tsamba, imelo yolowera, pasiwedi ndi tsiku limene inasinthidwa. Zilembo zofanana zilembedwe mosamala, monga 0 ndi O, kapena 1 ndi l. Kope lisayende m'chikwama pamodzi ndi foni, ndipo lisajambulidwe chithunzi, popeza chithunzicho chimabwezera mapasiwedi onse m'foni.

3. Pulogalamu yosungira mapasiwedi

Pulogalamu iyi imapanga pasiwedi yaitali, yosiyana pa tsamba lililonse, nkumailemba yokha munthu akamalowa. Mafoni ambiri a Android ali kale ndi Google Password Manager. Ina ndi Bitwarden, imene ingagwiritsidwe ntchito popanda kulipira. Munthu amangokumbukira pasiwedi imodzi yaikulu yotsegulira zonse.

Pulogalamuyi imathandizanso pa uthenga wachinyengo. Imalemba pasiwedi pa tsamba lenileni lokha. Munthu akatsegula linki yobwera pa WhatsApp, tsamba nkumaoneka ngati la Facebook koma pulogalamu osalemba kanthu, chimenecho ndi chizindikiro choti tsambalo lingakhale labodza.

Malire ake ndi awa. Pasiwedi yaikulu ya Bitwarden ikaiwalika, kampaniyo siingathe kuibweza. Pa Google Password Manager, wodziwa loko ya foni amatha kuona mapasiwedi osungidwa, choncho foni imene ana amasewera nayo si malo abwino. Makampaniwanso amathyoledwa: mu 2022 mbava zinakopera nkhokwe za makasitomala a LastPass. Mapasiwedi a m'nkhokwemo anali otsekedwa, koma amene pasiwedi yawo yaikulu inali yaifupi ndi amene anali pa chiopsezo chachikulu.

4. Chitsanzo cha banja limodzi

Nali banja longoyerekeza la anthu anayi: bambo, mayi, mwana wa kukoleji ndi agogo. Onse pamodzi ali ndi maakaunti 18. Sikofunika kukonza onse tsiku limodzi.

Ayambira pa maimelo atatu a m'nyumbamo. Chifukwa chake nchakuti munthu akadina Forgot password pa tsamba lina, uthenga wosinthira pasiwedi nthawi zambiri umapita ku imelo. Wolanda imelo walanda zotsalazo. Imelo iliyonse ipatsidwa pasiwedi yakeyake ya mawu asanu osagwirizana, monga `nkhwani-sitima-mvula-sopo-chitseko`. Ichi ndi chitsanzo chabe, ndipo popeza chasindikizidwa, wina asachigwiritse ntchito. Mawuwo asakhale mwambi, vesi kapena mayina a ana, chifukwa zimenezi zimalotedwa mosavuta.

Kenako pa Gmail ayatsa 2-Step Verification, kuti wolowa pa foni yachilendo afunsidwe umboni wachiwiri. Pamalo pomwepo Google imapereka Backup codes, manambala khumi amene iliyonse imagwira ntchito kamodzi. Manambalawa ndiwo amatsegula akaunti foni ikabedwa, choncho alembedwa m'kope, osati m'foni.

Maakaunti ena a bambo, mayi ndi mwana alowa mu pulogalamu, aliyense m'nkhokwe yakeyake, ndipo mapasiwedi akale asinthidwa pang'onopang'ono, kuyambira ndi okhudza ndalama. Maakaunti awiri a agogo akhala m'kope basi.

M'kopemo tsopano muli zinthu zochepa: mapasiwedi a maimelo, mapasiwedi aakulu a pulogalamu, manambala obwezera akaunti, loko za mafoni a makolo ndi za agogo. Likhala m'envulopu yomata pamodzi ndi mapepala a nyumba, ndipo bambo ndi mayi onse adziwa pamene lili. Mwana wamkulu zake angaziike m'envulopu yapadera yomata. Nambala ya chinsinsi ya Airtel Money, Mpamba kapena khadi la kubanki ikhala m'mutu mwa mwini wake. Ndalama za womwalira zimatengedwa potsata malamulo a chuma cha masiye, osati polowa ndi nambala yake.

Pa mafunso awiri aja, pasiwedi imodzi paliponse imalephera funso la wakuba. Pulogalamu payokha imalephera la tsiku la matenda kapena maliro. Pulogalamu ndi kope pamodzi zimayankha onse awiri. Banja limene pulogalamu ikulivuta ligwiritse ntchito kope lokha, bola tsamba lililonse likhale ndi pasiwedi yake.

Mafunso okambirana pabanja sabata ino

1. Ndi pasiwedi iti m'nyumba muno imene ikutsegula maakaunti oposa imodzi?
2. Foni ya mayi kapena bambo itabedwa lero, imelo yawo ingatsegulidwe bwanji mawa?
3. Kope lidzasungidwa pati, ndipo ndani adzalikonza pasiwedi ikasinthidwa?