Chigayo Chikaima, Kodi Mtengo Wake M'buku Utsitsidwe?

Makina otonolera chimanga amaima dzinja lonse, koma mtengo wake sukhudzidwa, pakuti pokolola adzagwiranso ntchito. Chodetsa nkhawa ndi chigayo chimene chaima chifukwa anthu atembenukira ku chigayo cha magetsi chapafupi. Lamulo la kawerengedwe ka chuma la IAS 36 limati kuima kotere ndi chizindikiro chabe. Muyenera kuyamba mwayesa musanatsitse mtengo.

Tiyerekeze kuti munagula chigayo cha dizilo pa K120,000, kuti chitumikire zaka 10. Mukachotsa K12,000 ya kutha kwa makina chaka chilichonse, patapita zaka 4 m'buku mwatsala K72,000. Kuchotsako sikuleka ngakhale chigayo chili chiimire.

Tsopano funsani kuti mungapezemo zingati. Mutachigulitsa lero pa K50,000, n'kulipira K4,000 yochimasula ndi kuchinyamula, mungatsale ndi K46,000. Mutachisunga n'kumagaya gaga wa ziweto zaka 6 zotsalazo, phindu lake, mutalichepetsa poti ndalama ya mtsogolo silingana ndi ya lero, tinene kuti ndi K54,000. Apa mpamene ambiri amadzinamiza, powerengera makasitomala amene sadzabweranso.

Pa ziwirizi mumatenga chachikulu, K54,000. Popeza m'buku muli K72,000, kusiyana kwake, K18,000, mukulembe monga chitayiko cha chaka chino. Kuyambira pamenepo muzichotsa K9,000 pachaka. Chachikulucho chikanafika pa K72,000 kapena kupitirira, simukanatsitsa kalikonse.