Foni ikazima, tikiti imapita kuti? Fizikisi ya khodi ya QR ndi batire

Tchuthi chathachi ndinatsala pang'ono kusiyidwa ndi kochi, tikiti nditalipira kale. Ndimapita ku Mzuzu kudzera ku Lilongwe, komwe ndinali ndi zina zochita. Tikiti ndinagula pa foni ndili kunyumba ku Mtakataka, ndipo inabwera pa WhatsApp ngati linki. Ndinaitsegula, khodi ya QR inaoneka bwinobwino, ine n'kuti basi zatheka. Ndinanyamuka batire ili pa 60%, ndinakwera minibasi mpaka pa Golomoti, kenako ina yokwera Khwekhwelere. Njira yonse ndimaonera mavidiyo. Tisanafike n'komwe ku Lilongwe, sikirini inangoti bii. Mphunzitsi wa fizikisi wathunthu, foni yazima, tikiti ili m'kati!

Mmene ndinapulumukira ndinena kumapetoku. Poyamba timvetse chomwe chili m'khodi ija, chifukwa mukachimvetsa simudzachita chibwana changachi.

Tikiti si chithunzi chija

Khodi ya QR mwaionapo kumbuyo kwa chiphaso cha unzika. Inapangidwa mu 1994 ku Japan ndi kampani ya Denso Wave, gulu lake likutsogoleredwa ndi Masahiro Hara, ndipo ntchito yake yoyamba inali yolondolera zipangizo za galimoto m'fakitale. Ndi timabokosi takuda ndi toyera, kalikonse kakuimira 1 kapena 0. Khodi yaing'ono kwambiri imakhala ndi timabokosi 21 m'litali ndi 21 m'lifupi, kutanthauza 441 tonse pamodzi. Yaikulu kwambiri imafika 177 mbali iliyonse.

Nanga ma 1 ndi ma 0 amenewa akunena chiyani? Pa matikiti ambiri ndi mawu ochepa chabe, mwachitsanzo nambala ngati `MZ7K4218`. Ndalama zanu sizili m'khodimo, mpando wanunso suli m'menemo. Zimenezo zinalembedwa m'kompyuta ya kampani. Wapakhomo akaunika khodi, makina ake amawerenga nambala ija n'kufunsa kompyuta kuti, "Iyi ilipo? Inalowa kale?"

Ganizirani za mayunitsi a magetsi a ESCOM. Mukagula pa Airtel Money kapena Mpamba mumalandira manambala 20. Mutawakopera pachikuto cha kope, kenako foni n'kugwera m'chitsime, mayunitsi anu alipobe, chifukwa mita imafuna manambala, osati foni. Tikiti ya QR ndi chimodzimodzi, foni ndi pepala chabe lonyamulira nambala. Choncho nambala imodzi yomweyo mutha kuisunga malo angapo.

Koma zimenezi zili ndi kuipa kwake. Aliyense amene ali ndi chithunzi cha khodi yanu ali ndi tikiti yanu. Mukaiika pa sitetasi kuti anzanu aone kuti mukupita kukaonera mpira ku Bingu National Stadium, wina atha kukafika pageti inu musanafike. Makina amalola woyamba, wachiwiri amamuuza kuti tikitiyi inalowa kale.

Chifukwa chake makina nthawi zina amakana

Kamera siidziwa tikiti, imangoona kusiyana kwa kuwala ndi mdima. Yang'anani khodi iliyonse, muona mabokosi atatu akuluakulu m'makona atatu. Mukajambula mzere wodutsa pakati pa limodzi mwa mabokosiwa, mupeza kuda, kuyera, kuda, kuyera, kuda, pa muyeso wa 1:1:3:1:1. Muyesowu susintha ngakhale khodi itazondoka kapena kupendekeka, ndiye makina amayamba asaka umenewu kuti adziwe pomwe khodi ili ndi komwe yaloza. Kuzungulira khodi yonse pamafunikanso malire oyera otambalala ngati timabokosi tinayi.

Khodi imanyamulanso manambala oonjezera okonzera zolakwika. Pali magawo anayi otchedwa L, M, Q ndi H, omwe amatha kubwezeretsa pafupifupi 7%, 15%, 25% ndi 30% ya uthenga ukaonongeka. N'chifukwa chake kamng'alu kamodzi pasikirini nthawi zambiri sikalepheretsa kanthu. Koma mng'alu kapena chala chikaphimba bokosi la pakona, makina amasowa poyambira. Yesani nokha pa khodi ya papaketi iliyonse: phimbani pang'ono chapakati ndi njere ya mpunga, kenako phimbani kona imodzi ndi chala, muone pomwe ikanire.

China ndi dzuwa. Pepala limabweza kuwala kwa dzuwa, ndiye dzuwa likachuluka khodi yapapepala imaoneka bwino. Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake, komwe n'kochepa poyerekeza ndi dzuwa la masana la pa Golomoti, ndipo galasi lake limanyezimira ngati kalilole. Kamera imaona kunyezimirako m'malo mwa khodi. Mankhwala ake ndi kukweza kuwala kwa sikirini mpaka kumapeto mukafika pakhomo, kupukuta galasi, kuitchingira dzuwa ndi thupi lanu ndi kuipendeketsa pang'ono. Ngati sikirini ili ndi mng'alu, sunthani chithunzicho kuti khodi ikhale mbali yabwino.

Kusunga tikiti kuti isadalire netiweki

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kuganiza kuti poti ndaiona tikiti, ndiye kuti ili m'foni. Linki ndi keyala chabe. Nthawi iliyonse mukaitsegula, foni imakatenga tsambalo pa intaneti. Bandulo ikatha kapena netiweki ikathawa, mumangoona tsamba loyera. Chitani izi tsiku lomwe mwagula, musanachoke pomwe pali netiweki:

1. Ngati tikiti yabwera ngati PDF kapena chithunzi, dinani Download mpaka itsitsike yonse. Chithunzi chooneka mwachimbuuzi pa WhatsApp ndiye kuti sichinatsike.

2. Jambulani sikirinishoti khodi ikuoneka yonse, pamodzi ndi malire ake oyera, dzina lanu, tsiku ndi nambala ya tikiti. Osaidula mothinitsa.

3. Yesani. Yatsani Airplane mode, zimitsaninso Wi-Fi, kenako tsegulani tikiti mu Gallery kapena mu Files. Ikatseguka, ili m'foni. Ikakana, simunasunge kanthu.

4. Lembani nambala ya tikiti ndi cholembera pakapepala, muike pamodzi ndi chiphaso chanu. Ngati pamsika pali posindikizira, sindikizani, ndipo popinda pepala mzere usadutse pakhodi.

5. Tumizani tikitiyo kwa munthu mmodzi yekha womukhulupirira, makamaka amene mukuyenda naye kapena amene nambala yake mumaidziwa pamtima.

Pali mtundu umodzi womwe sikirinishoti siigwira. Mapulogalamu ena amasintha khodi pakangopita masekondi angapo pofuna kuletsa kukopera. Kuzindikira kwake n'kosavuta: iyang'anitsitseni kwa mphindi imodzi. Timabokosi tikasintha, kapena pakakhala kamzere koyenda kowerengera nthawi, chithunzi chanu chikhala chitatha ntchito. Pamenepo tsegulani tikitiyo m'pulogalamu yake mukadali ndi netiweki, muyese njira yachitatu ija, ndipo dziwani kuti batire ndiye chilichonse.

Tiwerengere batire yanga

Apa ndiye pa fizikisi ya m'kalasi. Batire ya foni yanga inalembedwa 3000 mAh ndi 3.7 V. Mphamvu yosungidwa timaipeza chonchi:

E = 3 Ah × 3.7 V = 11.1 Wh

Imeneyo ndi ya batire yatsopano. Yanga yagwira zaka zitatu, ndipo mabatire a lithiyamu amakalamba msanga akamakhala potentha, monga foni yosiyidwa pawindo ikutchajidwa ndi sola mu Okutobala kuno kunsi kwa phiri. Tiyerekeze kuti pano imasunga 70% yokha, omwe ndi 7.8 Wh. Ndinanyamuka ili pa 60% ya zimenezo, kutanthauza pafupifupi 4.7 Wh.

Tsopano zomwe zimadya mphamvu. Sikirini yowala kwambiri ndi yoyamba. Yachiwiri anthu saiganizira, ndiyo netiweki yofooka. Foni ndi kawailesi kolankhula ndi nsanja. Nsanja ikakhala kutali kapena phiri likatchinga, foni imakweza mphamvu yotumizira, ngati mmene mumakuwira poitana mnzanu ali kutsidya kwa dambo. Ikasowa nsanja imangosakasaka osapuma. Pamakhotakhota a Khwekhwelere timizere ta netiweki yanga timangobwera n'kuthawa. Tiyerekeze kuti vidiyo, sikirini ndi kusakasakako zimadya 1.5 W:

t = E ÷ P = 4.7 Wh ÷ 1.5 W ≈ maola 3

Ulendo wanga, kuphatikizapo kudikira minibasi kuti idzaze, unatenga maola oposa anayi. Foni sinandilakwire, masamu anali atanena kale. Ndikanayatsa Airplane mode n'kuiponya m'thumba, bwenzi ikudya mwina 0.1 W kapena kucheperapo, ndipo 4.7 Wh yomwe ija ikanakhala maola oposa 40.

Za pawabanki, musanamizike ndi nambala ya pabokosi. Ya 10000 mAh ili ndi 37 Wh, koma posintha mavoti kuchoka pa 3.7 kufika pa 5, kenako kutsikanso m'foni, gawo lina limatayika ngati kutentha. Zofika m'batire zimakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndiye foni ya 11 Wh muidzaza kawiri, osati katatu.

Ikazima ndithu

Musadikire pamzere wokwerera kuti mukafotokoze pakhomo la basi. Pitani msanga ku ofesi ya matikiti, chiphaso chili m'manja. Ine ndinafika kutatsala mphindi 25.

"Pepani achemwali, foni yandizimira, tikiti ili momwemo."

"Nambala ya tikiti muli nayo, bambo?"

Ndinalibe. Tchaja ndinali nayo, koma soketi ya pamenepo inali ndi foni za anthu ena kale. Mwayi wanga unali woti usiku wake ndinali nditatumiza uthenga uja kwa mayi a kunyumba kuti adziwe nthawi yonyamukira. Ndinabwereka foni ya bambo wina wodikira basi, n'kuimba nambala imodzi yokha yomwe ndimaidziwa pamtima, iwo n'kundiwerengera zilembo ndi manambala aja. Achemwali aja anazitaipa, dzina langa linatuluka, anayerekeza ndi chiphaso, n'kundilembera kapepala kokwerera. Khodi ija sinaunikidwe n'komwe.

Si paliponse pomwe angakuthandizeni chonchi. Pageti la bwalo la mpira, anthu ali piringupiringu, mwina sipakhala wofufuza dzina lanu, ndiye pepala losindikiza kapena foni ya mnzanu ndi zomwe zingakulowetseni. Mukapeza soketi, kumbukirani kuti foni yotheratu imatha kukhala mphindi zingapo isanayake, ndiye musamangoidinadina. Ikangoyaka, yatsani Airplane mode. Ngakhale 5% ya batire yanga yokalamba ija ndi pafupifupi 0.4 Wh, yokwana kuonetsa khodi mphindi zoposa khumi, pomwe makina amafuna masekondi ochepa.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi: pezani mAh ya foni ya kunyumba kwanu, muwerengere ma Wh ake. Kenako onerani vidiyo kwa mphindi 30, mulembe maperesenti omwe atsika, muwerengere mawati omwe foniyo imadya. Funso lomaliza muyankhe ndi manambala anuanu: ikanyamuka pa Mua ili pa 40%, kodi ingakafike ku Lilongwe ili moyo?