Kusanthula Mndandanda wa Mafunso a Kafukufuku wa Ziyankhulo: Chitsanzo cha ku Chitungwiza

1. Chiyambi

Chitungwiza ndi mzinda umene uli kumwera kwa Harare, ndipo unakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza madera a Seke, Zengeza ndi St Mary's. Ena mwa mabanja okhala mumzindawu ndi a anthu amene makolo awo anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mizinda ya Southern Rhodesia. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, motero nkoyenera kufufuza ngati chiyankhulochi chikupitirira kwa ana m'mabanja otere.

Phunziro lino lisanthula mafunso atatu achitsanzo, onga amene wofufuza angalembe poyamba pokonzekera kafukufuku woteroyo. Muyeso wake ndi umodzi: yankho lililonse limene lingalembedwe pa pepala liyenera kukhala ndi tanthauzo limodzi lokha.

2. Funso lokokera ku yankho

(1) Kodi si zoona kuti mwana wa Mmalaŵi ayenera kudziwa chiyankhulo cha makolo ake?

Mawu akuti "si zoona kuti" akuonetseratu yankho limene wofunsa akulifuna, ndipo mneni "ayenera" akusandutsa funsolo kukhala lamulo la chikhalidwe. Munthu wolandira mlendo pakhomo safuna kumutsutsa pamaso, kotero ambiri adzavomera, ngakhale amene ana awo sadziwa ndi moni womwe wa Chichewa. Chizindikiro cha vutoli ndi chakuti pafupifupi onse ayankha mofanana.

Dzina lakuti "Mmalaŵi" nalonso ndi lolemera. Kusintha kwa lamulo la unzika m'chaka cha 2001 kunachititsa kuti ambiri obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera kunja aziwerengedwa ngati alendo, ndipo unzika wawo unavomerezedwa poyera m'malamulo a 2013. Munthu amene anadutsa m'zimenezi angakane funsolo pofuna kukana dzinalo, osati ganizo lake.

Palinso msampha wa kalembedwe. Wofufuza angafewetse funsolo motere: "Kodi simuyankhula Chichewa pakhomo?" M'Chichewa, woyankha kuti "inde" kawirikawiri amatanthauza kuti "inde, sindiyankhula", pakuti akuvomereza mawu a wofunsa. Koma wolemba mayankho amene wazolowera Chingerezi angamve "inde" yemweyo ngati kunena kuti amayankhula. Chifukwa chake mafunso okhala ndi "si-" wokana ayenera kuchotsedwa onse.

Funso (1) likonzedwe poika mbali zonse ziwiri mofanana: "Ena amati ana a m'banja ngati lanu aphunzire Chichewa, ena amati Chishona ndi Chingerezi nzokwanira. Inu maganizo anu ndi otani?"

3. Funso la mphanda

(2) Kodi ana anu amamva ndi kuyankhula Chichewa kunyumba ndi kutchalitchi? Inde / Ayi

Funsoli lili ndi "ndi" wolumikiza kawiri. Woyamba akulumikiza maluso awiri, wachiwiri malo awiri, kotero muli mafunso anayi m'chiganizo chimodzi, koma malo a yankho ndi amodzi.

Kuopsa kwake kuoneka m'chiyerekezo ichi. Pakhale mabanja 20. M'mabanja 6 ana amamva ndiponso amayankhula Chichewa. M'mabanja 9 ana amamva agogo awo koma amayankha m'Chishona. M'mabanja 5 ana sachidziwa konse. Makolo a m'mabanja 9 aja alibe yankho loona. Akasankha "inde", lipoti lidzati Chichewa chilipo m'mabanja 15, ndiwo 75 pa 100 alionse. Akasankha "ayi", lidzati chili m'mabanja 6 okha, ndiwo 30 pa 100 alionse. Mabanja ndi omwewo, koma lipoti lina lidzanena za chiyankhulo chamoyo, lina za chiyankhulo chimene chikufa. Choipitsitsa ndi chakuti gulu lapakatilo, lomva koma losayankhula, ndilo umboni weniweni wakuti mbadwo ukusiya chiyankhulo china nkutenga china, ndipo funsolo lalibisa.

Mneni "kumva" nayenso ali pawiri, monganso "kunzwa" m'Chishona: atanthauza kumva ndi khutu ndiponso kuzindikira tanthauzo. Mwana angamve Chichewa tsiku lililonse osatolapo kanthu. Mawu akuti "ana anu" akuphatikiza mwana woyamba ndi wotsiriza, amene angasiyane kwambiri pa chiyankhulo. Pomaliza, "kutchalitchi" akusiya kunja mabanja a Chisilamu, makamaka Ayao, amene amapita kumzikiti.

Choncho funsoli ligawidwe, ndipo lifunsidwe za mwana mmodzimmodzi: "Mukamutuma m'Chichewa, amadziwa chimene mwanena?" Kenaka: "Pokuyankhani, amagwiritsa ntchito chiyankhulo chanji?" Za kumalo opempherera zikhale funso lakelake.

4. Mayankho osankhapo osamveka

(3) Chiyankhulo chanu ndi chiti? Chichewa / Chinyanja / Chishona / Chizezuru / Chitonga / China

Mayankho osankhapo asalowane, ndiponso asasiye munthu wopanda pomuika. Mndandanda uwu walephera zonse ziwiri. Dzina lakuti Chichewa linalowa m'malo mwa Chinyanja ku Malaŵi m'chaka cha 1968, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakale lidakalipo. Mkulu amene anachoka kwawo chisanafike chakacho angasankhe Chinyanja, mwana wake nkusankha Chichewa, ndipo banja limodzi lidzawerengedwa ngati la ziyankhulo ziwiri. Chizezuru nacho ndi nthambi ya Chishona, yoyankhulidwa m'chigawo cha Harare, kotero munthu mmodzi ayenerera mabokosi awiri.

Dzina lakuti Chitonga likubisa ziyankhulo ziwiri zosiyana: cha ku Nkhata Bay, chimene Guthrie anachiika pa N.15, ndi cha m'chigwa cha Zambezi, monga ku Binga, cha pa M.64. Pamene Chiyao, Chilomwe, Chitumbuka ndi Chisena zonse zaponyedwa mu "China". Bokosi la "China" likadzaza poyesa mafunso, ndiye kuti mndandanda ndi woperewera.

Ngakhale mawu akuti "chiyankhulo chanu" sakumveka. Kwa munthu amene atate ake ndi Myao, amayi ake ndi Mzezuru, ndipo anaphunzira Chichewa kwa anansi, angatanthauze cha mtundu wake, choyamba kuphunzira, kapena chimene amayankhula kwambiri. Njira yabwino ndiyo kufunsa chimodzichimodzi popanda kuwerenga mayankho, kulemba dzina monga woyankha walitchulira, ndi kuika mainawo m'magulu pambuyo pake.

5. Kuyesa mndandanda wokonzedwa

Kusanthula pa tebulo sikukwanira. Mndandanda wokonzedwa uwerengedwe kwa anthu ochepa a mibadwo yosiyana a m'madera atatu aja, ndipo aliyense apemphedwe kubwereza funsolo m'mawu akeake. Anthu awiri akalibwereza mosiyana, kapena wina akayamba yankho ndi "zimatengera", funsolo lidakali ndi mphanda. Popeza achinyamata ambiri adzafuna kufunsidwa m'Chishona, mafunso a Chishona ayesedwenso paokha, pakuti kumasulira kungabwezeretse vuto limene linachotsedwa.

Komabe funso lokonzedwa bwino limangopeza zimene munthu akunena za iye mwini. Mayi anganene moona mtima kuti mwana wake amayankhula Chichewa, pamene mwanayo amangodziwa moni ndi nyimbo za pamaliro. Chifukwa chake mayankho a mabanja ena ayerekezedwe ndi zimene wofufuza wamva yekha atakhala nawo pakhomo.