Zoyenera ndi Zosayenera Posalaza Mawu a Besitimani

Suti wasoketsa, mawu okanena kuholo walemba usiku. Bwera nalo kuno pepalalo, mphwanga. Walembera maso, koma kumeneko akakumvera ndi makutu, ena ali kalikiliki kusintha ndalama za perekaniperekani.

Zoyenera

- Werenga mokweza utaimirira: pamene lilime lapunthwa, cholakwa ndi chiganizo, osati lilime.
- Dula chiganizo chilichonse chosatha ndi mpweya umodzi. Walemba kuti, "Titakumana kusekondale komwe tinkagona chipinda chimodzi ndipo ankakonda kubwereka sopo wanga yemwe sankabweza, sindinkadziwa kuti adzafika pano." Wabanika kale. Nena chonchi: "Tinakumana kusekondale. Ankabwereka sopo wanga. Mpaka lero sanabweze. Alamu, ngongoleyo yalowa m'nyumba mwanu."
- Mawu oseketsa akhale kumapeto kwenikweni, chifukwa anthu akayamba kuseka samvanso zotsatira.
- Ika kamzere pomwe upumire, ndi tiwiri pomwe uyembekezere nthungululu: amayi sapikisana nawo, amakugonjetsa.
- Sankha kumodzi, "ndinamudziwa" kapena "ndinawadziwa", nkukhala pomwepo. Pamaso pa apongozi ake, mnzakoyo ndi "iwo".
- Dziyese ndi wotchi, mphindi zitatu zakwana: mawu a Chichewa ndi ataliatali, kuwawerenga papepala kumanamiza.
- Funsa ankhoswe katchulidwe ka maina ndi mfunda wa kuchikazi, poti dzina lopotozedwa amalikumbukira kuposa keke.

Zosayenera

- Usangonong'ona pamtima uli gone pabedi: chamumtima sichipunthwa, nchifukwa chake chimapusitsa.
- Usayambe ndi "ndikufuna kutenga mwayi uno kuthokoza", Chizungu chovala chitenje chimenecho; "Zikomo nonse pobwera" yatha ntchito.
- Usalumikize zonse ndi "ndipo", "komanso", "kotero": ukawapeza atatu m'chiganizo chimodzi, apo pali ziganizo zinayi.
- Usafotokoze nthabwala yako. Ya sopo ija ikapanda kugwira, pitirira ngati sunali kuseketsa.
- Usasokoneze "kukwatira" ndi "kukwatiwa". Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Ndinamvapo wina akulengeza monyadira kuti mnzake wakwatiwa lero, holo yonse nkugwa nako kuseka, mkwati nkungoyang'ana nsapato.
- Usadumphedumphe pakati pa "adakumana" ndi "anakumana": zonse nzolondola, koma kusakaniza kumamveka ngati alemba anthu awiri.
- Usabwereze malonje onse a abusa, mafumu ndi makolo ngati woyendetsa mwambo wawatchula kale, nthawi yako ingathere pa mayina.
- Usatchule chibwenzi chakale, ngakhale mophiphiritsa, pakuti azakhali a mkwatibwi amamva zining'a kuposa iwe.
- Usawerenge pafoni: imazima pakati pa chiganizo, ndiye uzikanda galasi ndi chala chathukuta, maikolofoni ali m'dzanja linalo.
- Usaloweze pamtima liwu ndi liwu. Loweza chiganizo choyamba ndi chomaliza basi, kuti uzinene maso ali pa akwati, zapakatizo pepala likuthandiza.